Lipoti limene ndinalemba chingwe chimodzi chitagwetsa netiweki yathu

Netiweki inabwerera nthawi ili 9:55 m'mawa, ndipo ndisanapume n'komwe amayi amene amayang'anira ofesi yathu anandiitana. Anati, "Bambo, pofika mawa masana ndikufuna lipoti. Akuluakulu akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo wachita zimenezi ndani." Ndinavomera, koma funso lachiwirilo linandivutitsa mumtima, chifukwa yankho lake ndinali nditayamba kale kulikayikira.

Chimene chinachitika n'chosavuta kufotokoza. M'chipinda cha misonkhano, m'nyumba yam'mwamba, muli mabowo awiri a netiweki pakhoma, oyandikana. Munthu wina pokonza m'chipindamo anapeza chingwe chikulendewera, mbali imodzi ili m'bowo, ina ili pansi. Pofuna kuti pakhale paudongo anailowetsa m'bowo linalo. Mabowo onse awiri amakathera pa siwichi imodzi, chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki, choncho chingwecho chinalumikiza siwichi kwa iyo yokha. Ife a ntchitoyi timati lupu.

Ndisanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, ndinayamba ndasunga umboni. Siwichi imasunga malogi ake, mauthenga onena zimene zachitika, m'malo ochepa kwambiri, atsopano akamabwera akale amafufutika, ndipo mukaizimitsa onse amapita. Seva yathu yolandira malogi sinandithandize, popeza pa nthawi ya vutolo mauthenga sankafikako. Ndiye ndinatenga laputopu ndi chingwe cha konsolo, cholumikiza laputopu mwachindunji ku siwichi, n'kukopera zonse zimene `show logging` inaonetsa pa masiwichi athu onse awiri, yaikulu ndi yam'mwamba, pamodzi ndi makonzedwe ake a pa `show running-config` mmene analili ndisanasinthe kanthu. Mzere umene unandipatsa poyambira ndi uwu:

```
%SW_MATM-4-MACFLAP_NOTIF: Host 0011.2233.4455 in vlan 10 is flapping between port Gi1/0/17 and port Gi1/0/18
```

Siwichi ikunena kuti kompyuta imodzi ikuoneka pa poti 17, limodzi mwa mabowo ake olowetsamo zingwe, kenako pa 18, kenako pa 17 kachiwiri. Kompyuta siingakhale malo awiri nthawi imodzi. Mukaona mizere yotere yambirimbiri, ya makompyuta osiyanasiyana, yonse ikutchula mapoti awiri omwewo, dziwani kuti pali lupu ndipo mapoti ake ndi amenewo.

Apa panali msampha umene ukanandichititsa manyazi. Mzere woyambawo unali ndi nthawi ya 06:41, pamene ofesi inali isanatsegulidwe. Ndikanalemba choncho, mlonda ndi anthu osesa m'mawa akanalowa m'mavuto popanda chifukwa. Zoona zake n'zakuti siwichiyo inkalemba nthawi ya UTC, imene mawotchi a dziko lonse amayerekezedwa nayo, ndipo nthawi ya kuno ku Malawi ili patsogolo ndi maola 2. Vuto linayamba 8:41. Ndinatsimikiza poyerekeza ndi foni yanga ya m'manja, imene inaonetsa kuti a ku ofesi ya zachuma anandiimbira koyamba 8:44. Mawotchi a zipangizo zanu muziyamba mwawayerekeza musanakhulupirire nthawi iliyonse.

Ndondomeko ya nthawi ndiyo inanditengera nthawi yaitali, ndipo ndiyo msana wa lipoti lonse. Lamulo limene ndinadzipatsa linali lakuti mzere uliwonse ukhale ndi gwero lake, kaya logi, kaya foni, kaya munthu amene anaona. Zimene ndinkangokumbukira ndinazilemba kuti "cha m'ma". Inatuluka motere:

8:41, siwichi yam'mwamba yayamba kulemba za mapoti 17 ndi 18.
8:44, foni yoyamba, pulogalamu ya malipiro yaima.
Cha m'ma 8:50, ndazimitsa ndi kuyatsanso rauta poganiza kuti vuto ndi intaneti. Palibe kusintha.
9:05, ndaimbira kampani yotipatsa intaneti, ati kumbali yawo zonse zili bwino.
9:20, ndalowa mu siwichi yaikulu kudzera pa konsolo, popeza pa netiweki sinkayankha.
9:35, ndatseka poti yopita ku siwichi yam'mwamba. Maofesi apansi abwerera.
9:52, ndatseka poti 17 pa siwichi yam'mwamba.
9:55, ndatsegulanso poti yopita m'mwamba. Onse abwerera.
10:10, chingwe chapezeka m'chipinda cha misonkhano.

Nditaiyang'ana ndinaona chinthu chimene sindinkafuna kuona. Pa mphindi 74 zimene netiweki inagwa, mphindi 36, kuchokera 8:44 kufika 9:20, ndinazitaya pofufuza kolakwika. Chizindikiro chinalipo poyera: pulinta ndi seva ya mafayilo, zimene zili m'nyumba momwemo ndipo sizidalira intaneti, nazonso sizinkapezeka. Timagetsi ta pa siwichi tonse tinkaphethira pamodzi mothamanga, osati kalikonse pa nthawi yake monga mwa masiku onse. Ndinaganizapo zochotsa mizere iwiri ija ya rauta ndi foni. Ndinaisiya, chifukwa lipoti lobisa pamene nthawi inatayikira silingathandize kuti ulendo wina isatayike.

Kenako panafunika kufotokoza, kwa anthu amene ntchito yawo si ya makompyuta, mmene chingwe cha mamita awiri chingaimitsire nyumba yonse. Ndinalemba ndime imodzi yokha. Kompyuta ikafuna kupeza inzake imatumiza uthenga wopita kwa onse, ndipo siwichi imautulutsira pa mapoti ake onse kupatula pamene walowera. Pakakhala lupu, uthengawo umatuluka pa poti 17 n'kulowanso pa 18, siwichi n'kuuona ngati watsopano, n'kuufalitsanso kwa onse. Wotuluka pa 18 nawo umalowa pa 17. Pa mlingo umenewu wa netiweki mauthenga alibe chowerengera chowathetsa akazungulira kambiri, choncho sasiya, ndipo atsopano amangowonjezekera mpaka zingwe zitadzaza. Mawu achingerezi amene timatchulira zimenezi sindinawaikemo. Amayi aja akanangowadumpha.

Gawo lovuta linali la chifukwa. Lupu si chinthu chachilendo, ndipo mankhwala ake anapezeka kalekale. Radia Perlman anakonza njira yotchedwa STP mu 1985, ndipo masiwichi athu ali nayo. Masekondi 2 aliwonse siwichi imatumiza timauthenga totchedwa BPDU, ndipo ikaona kauthenga kake komwe kakubwerera pa poti ina, imadziwa kuti pali lupu n'kutseka njira imodzi. Funso lenileni tsono linali lakuti, n'chifukwa chiyani siwichi yathu sinatero? Yankho ndinalipeza m'makonzedwe amene ndinakopera aja, pansi pa mapoti onse awiri:

```
spanning-tree bpdufilter enable
```

Mzere umenewu ukaikidwa pa poti, potiyo situmiza BPDU ndipo ikalandira siisamala. N'chimodzimodzi kuzimitsa STP pamenepo. Ndipo amene anauika ndine. Zaka ziwiri zapitazo munali maphunziro m'chipindamo, aphunzitsi anabwera ndi kasiwichi kawo, ndipo chitetezo chathu chinkangotseka poti akangokalumikiza. Anthu anali atakhala kale pansi akudikira, ndiye ndinaika mzerewo kuti maphunziro ayambe, ndi maganizo oti ndidzauchotsa Lachisanu. Sindinaulembe paliponse, ndipo sindinauchotse.

Choncho m'lipoti ndinasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyambitsa: chingwe chinalumikizidwa m'mabowo awiri a siwichi imodzi. Gwero la vuto: chitetezo cha lupu chinali chozimitsidwa pa mapoti amenewo, ndi a dipatimenti yathu, ndipo tinalibe kaundula wa zosintha zongoyembekezera kapena nthawi yoziunikanso. Dzina la amene analowetsa chingwe sindinalilembe, ngakhale pofika madzulo ndinali nditamudziwa, chifukwa anabwera yekha kudzandiuza akunjenjemera. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mwachita bwino kubwera. Inu munkakonza m'chipinda, bowo lake ndi lofanana ndi linzake, palibe chimene chikanakuchenjezani." Ndikukhulupirira zimenezi mpaka lero. Netiweki imene ingagwe chifukwa munthu waudongo watola chingwe pansi, vuto lake lili m'kabati ya masiwichi. Ndiponso akanalangidwa, tsiku lina wina akadzalakwitsa adzangokhala chete, ife n'kumafufuza mpaka dzuwa kulowa.

Pa zopewera ndinadziletsa kulemba zinthu monga "tidzakhala osamala". Chilichonse ndinachipatsa mwini wake ndi tsiku lomalizira, ndipo ndinaonetsa chimene chachitika kale ndi chimene chikudikira chilolezo. Madzulo omwewo ndinachotsa mzere uja ndipo pa mapoti onse opita ku mabowo a pakhoma ndinaika izi:

```
no spanning-tree bpdufilter
spanning-tree portfast
spanning-tree bpduguard enable
storm-control broadcast level 1.00
storm-control action shutdown
```

Kuchotsa mzere wa `bpdufilter` n'kofunika, chifukwa ukakhalapo pamodzi ndi `bpduguard` pa poti imodzi, ndi iwo umene umapambana, ndipo chitetezo chimangokhala cha dzina. `bpduguard` imatseka poti ikangolandira BPDU. Mizere iwiri yomalizayo ndi ya tsiku limene BPDU sidzafika, monga wina akabweretsa kasiwichi kotchipa kamene kamameza timauthengato, lupu n'kuchitikira pa iko. Pamenepo poti imatsekedwa mauthenga opita kwa onse akapitirira 1 peresenti ya mphamvu yake. Ndinalembanso poyera mtengo wake: aphunzitsi akadzabweranso ndi siwichi yawo, poti ikhoza kutsekeka, ndipo adzayenera kutiuza pasadakhale kuti tiwakonzere. Ndinafuna akuluakulu avomereze zimenezi m'lipoti momwemo, kuti tsiku lodandaula likadzafika ndisadzakakamizidwenso kuzimitsa chitetezo mothamanga.

Zina zinali zazing'ono: kutseka mapoti amene sakugwiritsidwa ntchito, kulemba manambala pa mabowo onse, kukonza kuti malogi azionetsa nthawi ya kuno, ndi kapepala ka pachitseko cha kabati konena kuti netiweki ikagwa, yambani mwayesa pulinta ndi seva musanaimbire a intaneti.

Tsamba loyamba ndinalilemba pomalizira. Linali ndi ziganizo zisanu: chimene chinachitika, nthawi yake, amene anakhudzidwa, gwero lake, ndi zimene ndikupempha akuluakulu. Ndinatchulamo kuti apansi anakhala mphindi 54, am'mwamba 74, ndiponso kuti palibe fayilo imene inatayika, nditafunsa kaye a zachuma kuti aone ngati zimene ankalowetsa 8:41 zinasungika. Ndalama zimene tinataya sindinayerekeze, popeza ndinalibe poziwerengera. Malogi ndi makonzedwe ndinaziika kumapeto.

Amayi aja atawerenga anafunsa chinthu chimodzi: "Ndiye wina akachitanso mawa, chichitike n'chiyani?" Ndinawapempha kuti adzabwere Loweruka m'mawa, ofesi ilibe anthu. Tinakwera limodzi m'chipinda cha misonkhano, ndinawapatsa chingwe chomwe chija, ndipo analowetsa okha m'mabowo onse awiri. Pa laputopu panatuluka mzere wa `%SPANTREE-2-BLOCK_BPDUGUARD`, poti inalowa mu `err-disabled`, kutanthauza kuti yadzitseka yokha, ndipo `ping`, yoyesera ngati seva ikufikika, imene ndinasiya ikuyenda kupita ku seva inapitirizabe kuyankha. Tinachotsa chingwe, ndinadzutsa potiyo ndi `shutdown` kenako `no shutdown`, ndipo zotsatira za kuyesako ndinaziwonjezera pa tsamba lomaliza, ndi tsiku ndi nthawi yake, lipoti lisanapite kwa akuluakulu Lolemba.