Kauntala ya mabiti awiri: zolakwa 20 zatsika kufika pa 12

Sabata ino ndakhala ndikulimbana ndi kapulogalamu kanga ka Python kotsanzira momwe purosesa imalosera ngati lamulo la `bne`, lomwe limalumphira pamalo ena a pulogalamu manambala awiri akasiyana, lilumphe kapena ayi. Cholosera chake ndi kauntala ya mabiti awiri. Ikakhala pa 00 kapena 01 imati salumpha, pa 10 kapena 11 imati alumpha. Kulumpha kukachitika imakwera ndi 1, kukapanda kuchitika imatsika ndi 1, koma siipitirira 11 ndipo siitsika kupyola 00.

Ndinayesa ndi lupu yozungulira kanayi, yomwe `bne` yake ili kumapeto. Katatu imalumpha kubwerera pamwamba, kachinayi imatuluka, ndiye pa sikirini ndimaona `T T T N`. Lupuyi ndinaiyendetsa maulendo 10, kutanthauza kulosera ka 40.

Zolakwa zinatuluka 20. Ndinakanda mutu, chifukwa cholosera cha biti imodzi nachonso chimalakwa ka 20 pa lupu yomweyi: kamodzi polowa, kamodzi potuluka. Nanga biti yachiwiriyo ikugwira ntchito yanji?

Ndinatseka laputopu n'kutenga pensulo. Ulendo woyamba, kuyambira pa 00, kauntala imalakwa kawiri ikukwera kufika pa 10, kachitatu imalondola n'kufika pa 11, ndipo potuluka imalakwanso n'kutsikira pa 10. Zolakwa zitatu. Chokoma chili pa ulendo wachiwiri. Pa 10 ikadali kunena kuti alumpha, ndiye imalondola katatu konse, n'kukhala phee pa 11, n'kulakwa potuluka pokha. Maulendo otsalawo n'chimodzimodzi, choncho 3 kuphatikiza 9 ndi 12.

Nditasindikiza kauntala pa sitepe iliyonse, zolakwa zinkabwera 3, 1, 3, 1, ndipo pa ulendo wachiwiri cholakwacho chinali pa `T` yachitatu m'malo mwa `N`. Apa ndi pamene ndinagwira wakuba. Ndinali nditalemba `c = (c + 1) & 3`, zomwe zinkachititsa kuti 11 ikakwera igwere pa 00, ngati mita ya galimoto yadzaza n'kuyambiranso. Ndakonza motere:

```
c = min(c + 1, 3) if taken else max(c - 1, 0)
```

Tsopano zikutuluka 12.

Ndisanagone ndinayesanso lupu yozungulira kawiri kokha, `T N T N`. Kuyambira pa 00 kapena pa 10 imalondola theka. Kuyambira pa 01 ndiye tsoka, imangodumphadumpha pakati pa 01 ndi 10 osalondola ngakhale kamodzi. Mawa ndiwonjezera rejisitala yosunga zotsatira ziwiri zomaliza, kuti mbiri iliyonse ikhale ndi kauntala yakeyake, ndione ngati `T N` isiye kundivutitsa.