Kiyi wa banki mkhonde sanagwere m'chimbudzi, chonde

Pagulu lathu la banki mkhonde kuno kufupi ndi Nchalo ine ndimasunga kiyi mmodzi mwa makiyi atatu a bokosi. Amene mumapanga za mkhonde mukudziwa, bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosilo sakhala ndi kiyi olo mmodzi. Ndiye mmodzi wa ife akangosowa basi palibe chotsegula, anthu amangokhala kuliyang'ana bokosi kenaka nkumwazikana.

Tsiku logawana ndalama za chaka chonse linali Loweruka 2 koloko masana. Mwezi wake Okutobala, kutentha kwa kuno kuja kopyola madigiri 40, koti bulangete umaliona ngati mdani. Lachisanu madzulo ndinagula mlamba wowamba pamsika, wonona bwino, mayi akunyumba anaununkhiza nkunena kuti bambo nsomba iyi yagona, ine nkuti mphuno zanu ndi zimene zagona. Ndinadya ndekha, mpaka mutu womwe.

Cha m'ma 3 usiku m'mimba munayamba msonkhano wake. Kunja kusanache njira ya kuchimbudzi ndinali nditaisalaza, galu wathu anayamba wandiperekeza kenaka anatopa nkungogona pakati pa njira kumandiyang'ana ndikamadutsa. Ndimaganizabe kuti pofika masana zikhala bwino, koma 12 koloko itakwana miyendo inali ikunjenjemera, njinga sindikanapalasa, ndipo kumene timakumanako chimbudzi chili kutali, kuseri kwa tchalitchi.

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, foni yatsala 2%. Ndinaona kuti kulemba kundichedwetsa, bola voisi noti pagulu la WhatsApp. Mawu onse ndinali nditawakonza m'mutu, kupepesa, chifukwa chake, za kiyi ndi tsiku lina. Ndinayamba bwinobwino: "Pepani nonse akuluakulu, lero zandivuta sindikwanitsa kubwera. Ndikulankhula pano ndili kuchimbudzi, ndipo kiyi uja..." Apo m'mimba munaitananso mwamphamvu, chala chinachoka pabatani, uthenga nkupita wokha choncho, foni nayo thii.

Mwana wanga wamkulu anali kudimba, mayi apita kukagula Thanzi, wotuma panalibe. Ndinagona pamkeka pansi pa mtengo wa nimu nkumadziuza kuti anthu ndi anzeru, amva kuti munthu wadwala.

Anamva zina. Itangopitirira 3 koloko ndinamva phokoso la anthu kumsewu, kudzutsa mutu ndikuona gulu lonse likulowa pakhomo panga, amayi apampando kutsogolo, bokosi lili pakaliyala ya kabaza. Achimwene ena anyamula khasu, ena nsungwi yaitali atamangirira maginito a sipika ya wailesi kunsonga, ndipo mnyamata wowotcherera zitsulo uja wabwera ndi sowo yake. Palibe anandifunsa kuti mwadzuka bwanji. Onse analunjika kuchimbudzi.

"Unagwera mbali iti?" anafunsa a nsungwi aja, atatseka mphuno ndi kolala ya malaya.

Ndinati chani? Akuti kiyi. Ndinapisa m'thumba la kabudula nkuutulutsa, uli pachingwe chake chofiira chomwe chija. Kunangoti zii. Agogo ena amene anawoloka Shire pabwato m'mawa kuchokera kutsidya, ku East Bank, kudzatenga ndalama zawo za mbewu anakhala pansi nkuyamba kuseka mpaka misozi, koma ena sanaseke ayi. Panali bambo wina amene m'njira monse ankauza anthu kuti nkhani ya chimbudziyi ndi bodza, munthuyu wadya ndalama, pano ali ku Bangula kapena wadutsa kale pa Marka kulowa Mozambiki. Ndalama zake ziti, poti bokosi sindisunga ine? Atandiona ndili gone pamkeka, milomo itauma, anangoti "eee mwaonda" nkukaima kumbuyo.

Mayi akunyumba anafika nthawi yomweyo, anasungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ine nkumamwa pang'onopang'ono anthu onse akundionerera. Amayi apampando anandifunsa pamaso pa gulu lonse ngati zotulukazo zikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, poti kuno kolera timamudziwa ndipo zikatero sitikambirananso, ndi kuchipatala basi. Ndinayankha kuti ayi mayi, ndi mlamba chabe. Moyo wanga wonse sindinafotokozepo za m'mimba mwanga kwa anthu ambiri choncho.

Ena anati poti makiyi onse atatu alipo tigawane pompano. Amayi apampando anakana. Anati kuwerengera masheya a munthu aliyense ndi chiwongoladzanja chake kumatenga maola, dzuwa lapendeka, akutsidya bwato liwasiya, komanso ndalama zochuluka choncho sizigawidwa pakhomo pa munthu, mwini khomo akuthamanga uku ndi uku. Ndipo anthu anayi anabwerera pa tchalitchi pomwe atamva za kiyi, bokosi silitsegulidwa tsiku logawana eni ake ena palibe.

Kenaka anandipatsa foni yawo kuti bambo, malizitsani uthenga wanu uja, koma ulendo uno mulembe. Ndinkalemba iwo ataima pambali. Nditayamba kufotokoza za nsomba anati fufutani, anthu sakufuna mbiri ya mlamba. Nditalemba kuti tidzakumana ndikachira anati fufutaninso, mudzachira liti, ikani tsiku ndi ola, munthu wakutsidya adziwe tsiku lokonzera ndalama ya bwato. Unatuluka chonchi:

"Akuluakulu nonse, pepani kwambiri chifukwa cha lero, makamaka inu mwachokera kutali. Ndadwala m'mimba mwadzidzidzi usiku wathawu. Kiyi ali bwinobwino. Tagwirizana ndi apampando kuti tigawane Lachiwiri 9 koloko m'mawa pamalo pathu pomwe paja. Ndikapanda kupeza bwino pofika Lolemba madzulo ndidzawaimbira apampando, ndipo kiyi adzabwera ndi membala amene gulu lasankha lero. Amene tsikuli silikuwayendera anene pofika mawa masana."

Za membala wosankhidwayo zinatenganso nthawi, poti ine ndimati ndingopatsa mayi akunyumba, gulu linati ayi si membala, ndipo kwa wosunga bokosi kapena anzanga awiri a makiyi sungapite, munthu mmodzi asakhale ndi ziwiri. Anasankha agogo akutsidya aja, amene anati agona kwa mwana wawo ku Nchalo mpaka Lachiwiri. Awiri amene alibe WhatsApp mlembi anawaimbira pomwepo, ndipo apampando anandiuza kuti tsiku lina foni ikatsala 2% ndiimbire iwo kaye, gulu adzaliuza okha.

Lachiwiri ndinapita ndekha ndi miyendo yanga, lamba nditaboola bowo lina. Chindapusa cha kujomba sanandilipitse poti malamulo athu amati wodwala akadziwitsa salipira, ngakhale panali mkangano ngati theka la voisi noti ndi kudziwitsa. Koma a maginito aja akuti ndiwabwezere sipika, anaphwasula wailesi yamoyo chifukwa cha ine, ndipo wa sowo akufuna K1,500 ya ntchito imene sanagwire. Mlembi analemba zonse m'buku, akuti tidzakambirana tikayamba chaka chatsopano.