Zaka zisanu tikugulitsa mafoni akale: mmene timapezera mtengo wa foni iliyonse

Mwezi uno kashopu kathu ka ku Lilongwe kakwanitsa zaka zisanu tikugula ndi kugulitsa mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Chimene timanyadira kwambiri n'chakuti pa foni iliyonse imene ili m'galasi mwathu tikhoza kukuuzani kumene mtengo wake wachokera. Ambiri mwa inu akasitomala athu mumafunsa chifukwa chake mafoni awiri a mtundu umodzi amasiyana mtengo ndi K80,000, ena mumadandaula kuti timakupatsani ndalama zochepa mukabwera kudzagulitsa yanu. Lero tikuonetsani masamu ake.

Foni ikangofika patebulo, tisanayang'ane n'komwe ngati ndi yokongola, timayamba taona ngati ndi yoti ingagulitsidwe. Timayimba *#06# kuti nambala ya IMEI, imene ndi nambala yapadera ya foni iliyonse, ituluke, kenako timaiyerekeza ndi imene ili mu Settings komanso pa bokosi ngati lilipo. Zikasiyana, nkhani imathera pomwepo. Kenako mwini wake amatulutsa akaunti yake ife tikuona: iCloud pa iPhone, akaunti ya Google pa mafoni a Android. Akatero timaifufuta foni yonse n'kuiyambitsanso tili pa intaneti. Ngati ikupemphabe pasiwedi ya munthu wina, mtengo wake ndi wa zipangizo zokha, ndipo ife sitigula chifukwa mafoni ambiri obedwa amafika motere. Wogulitsa amationetsa chiphaso cha unzika ndipo timalemba m'buku dzina lake pamodzi ndi IMEI. Timalowetsanso simu ya TNM ndi ya Airtel n'kuyimba foni pa iliyonse, pakuti mafoni ena ochokera kunja anatsekeredwa pa netiweki imodzi ya kwawoko. Samalaninso ndi mafoni otengedwa pa ngongole yolipira pang'onopang'ono: amagwira bwino lero, koma mwini woyamba akasiya kulipira amatsekeka ali kale m'manja mwa wogula wosalakwa.

Ikadutsa pamenepo timaona thupi lake. Pa Samsung zambiri, kuyimba *#0*# kumatsegula malo oyesera mitundu ya sikirini, kukhudza, sipika ndi kunjenjemera. Sikirini timaiyang'ana itaonetsa zoyera zokhazokha kenako zakuda, kuti mizere ndi madontho zionekere. Pa iPhone timatulutsa kathireyi ka simu n'kuunikamo ndi tochi: muli kachizindikiro koyera kamene kamafiira foni ikalowa madzi. Foni yofiira mmenemo timaidula mtengo kwambiri ngakhale ikugwira ntchito, chifukwa dzimbiri limadya bolodi la m'kati mwa foni mwakachetechete ndipo imatha kufa patatha mwezi. Mu Settings, General, About, mafoni a iPhone amene ali ndi iOS 15.2 kapena yoposa apo amatha kuonetsa zipangizo zimene zinasinthidwa, ndipo mawu akuti Unknown Part amatanthauza kuti foniyo sikuchizindikira chipangizocho ngati chake chenicheni. Face ID, yotsegulira foni ndi nkhope, ikafa, kukonza kwake n'kovuta, ndiye mtengo umatsika ndithu.

Koma batire ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene tinapsapo manja. Kuno magetsi amazimazima, ena amatchajitsa foni pa ndalama kumsika, choncho wogula amalolera foni yokalika kumbuyo kusiyana ndi foni yoti ikamafika masana yatha moto. Pa iPhone timapita mu Settings, Battery, Battery Health n'kuwerenga Maximum Capacity. Kampani ya Apple imanena kuti batire ya iPhone 14 ndi zam'mbuyo inapangidwa kuti isunge 80 peresenti ya mphamvu yake ikatchajidwa modzaza maulendo 500. Ikatsika pa 80 foni imayamba kuchenjeza kuti batire ikufunika kusintha. Ife tinadziikira malire athu motere: kuyambira 88 kukwera sitichotsa kanthu, pakati pa 80 ndi 87 timachotsa theka la mtengo wa batire yatsopano, ikakhala pansi pa 80 timachotsa mtengo wonse wa batire pamodzi ndi wa mmisiri.

Vuto n'lakuti nambala imeneyi imanamizika. Pali kachipangizo kamene ena amalumikiza pa batire yakale kuti foni izilemba 100 peresenti. Chaka chathu chachiwiri tinaoda mafoni 12 kwa munthu wina amene ankatiitana kuti achimwene, onse akulemba 100. Pasanathe milungu itatu mafoni 9 anabwerera, akuzima okha moto uli pa 30. Tinabweza ndalama za anthu, mpamba unatsala pang'ono kutheratu, ndipo mwini katundu uja anasiya kuyankha foni. Akamawerenga izi adziwe kuti shopu imene ankati sichedwa kutseka ikadali yotsegula. Kuyambira pamenepo nambala yokha sitiikhulupirira. Foni ya zaka zinayi yolemba 100 popanda chizindikiro chakuti batire inasinthidwa imatikayikitsa kuposa yolemba 84. Timailumikiza ku kompyuta kuti tiwerenge maulendo amene yatchajidwa, kenako timaiyesa: timaidzaza, n'kuseweretsa vidiyo kwa mphindi 30 sikirini itawala mpaka pamapeto. Moto uyenera kutsika pang'onopang'ono. Ukadumpha, mwachitsanzo kuchoka pa 92 kufika pa 80 nthawi imodzi, kapena kumbuyo kukatentha kwambiri, batire yatopa. Timaisiyanso kuti itsike mpaka pansi pa 20 kuti tione ngati izime yokha. Kuyesa kumeneku ndi kumene timadalira pa Tecno, Itel ndi Infinix, chifukwa ambiri mwa mafoni amenewa saonetsa thanzi la batire mu Settings. Pa Samsung pulogalamu ya Samsung Members imathandizako. Chomaliza, timagoneka foni pa galasi lathyathyathya: ikamagwedera, kapena sikirini ikatukuka m'mbali, batire yafufuma. Imeneyo sitiitchajanso, timaichotsa tsiku lomwelo chifukwa imatha kuyaka.

Tsopano mtengo. Sitiyambira pa ndalama zimene mwini foni anagulira, timayambira pa ndalama zimene wogula wa kuno angapereke sabata ino, n'kumabwerera m'mbuyo. Kuti tidziwe zimenezi timayang'ana m'buku mwathu mitengo imene mafoni atatu omaliza a mtunduwo anapitira, osati imene anthu amalemba pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, chifukwa imeneyo ndi mitengo yoyambira kunenerera.

Tiyerekeze ndi iPhone 11 ya 64GB, ndipo manambalawa ndi achitsanzo chabe popeza mitengo imasintha mwezi ndi mwezi. Tinene kuti yosalala, ya batire yabwino, ikupita pa K600,000. Imene yabwerayi Face ID ikugwira, sikirini ndi yake yeniyeni, sinalowe madzi, koma galasi la kumbuyo lili ndi mng'alu ndipo batire ili pa 78. Mng'aluwo sitikonza, chifukwa kusintha galasi la kumbuyo pa foni imeneyi ndi ntchito yaikulu yosabweza ndalama, timangochotsa K40,000. Batire tisintha, koma batire yosakhala ya Apple imachititsa foni kulemba chenjezo limene wogula adzaliona, ndiye tichotsanso K30,000. Apa tapeza kuti foniyi idzapita pa K530,000. Pa ndalama imeneyi tichotse K70,000 ya batire ndi mmisiri, K15,000 ya chingwe chotchajira, galasi loteteza sikirini ndi ndalama yodulidwa potapa pa foni, komanso K25,000 imene timasunga pa foni iliyonse kuti ikabwerera tisakangane ndi kasitomala. Zatsala K420,000. Phindu lathu likakhala K70,000, ndiye kuti sitingagule foniyi kuposa K350,000. M'galasi tidzalemba K560,000 podziwa kuti palibe Mmalawi amene amagula osanenerera.

Mwini foni akamva K350,000 pamene anaona inzake ikulembedwa K650,000 pa intaneti, amakhumudwa, ndipo timamvetsa. Timamuonetsa masamuwa pa pepala, ndipo akafuna kukagulitsa yekha timamuuza mtengo umene angayambire.

Phindu limeneli silifanana pa mafoni onse, chifukwa chimene chimatidya kwambiri ndi masiku amene foni imagona m'galasi. Itel kapena Tecno ya simu ziwiri, ya batire ya 5000 mAh, imatha kupita m'masiku atatu, ndiye timalola phindu lochepa chifukwa ndalama imazungulira msanga ndipo zipangizo zake zimapezeka paliponse m'tauni. Foni yodula ya mtundu wosadziwika kuno, ngakhale ikhale yabwino chotani, imafuna phindu lalikulu, popeza imakhala miyezi ndipo sikirini yake ikasweka muyenera kuitanitsa kunja. iPhone 14 yochokera ku America ilibe polowetsa simu khadi, imagwiritsa eSIM yokha, simu yomangidwira m'kati mwa foni, ndipo ogula ambiri amaibweza patebulo akangomva zimenezo. Foni imene WhatsApp inasiya kugwirapo, monga iPhone 6, yatsala ya mtengo wa zipangizo. Nyengo nayo imalamula: Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya fizi ndi njala, ogulitsa amachuluka ogula n'kuchepa, ndiye timagula motsika, koma msika wa fodya ukatsegulidwa ndiponso anthu akagulitsa zokolola, mafoni apakatikati amayenda. Foni ikatha masiku 21 osafunsidwa timatsitsa 5 peresenti.

Phunziro lina linabwera mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale anaona ngati apindula, koma pokaoda anapeza kuti ndalama ya mafoni khumi sikukwananso khumi. Kuchokera nthawi imeneyo timafunsa mtengo wa batire ndi sikirini kwa otipatsa zipangizo Lolemba lililonse, ndipo mtengo wa foni umatsatira ndalama imene tingagulire inzake lero.

Tikuthokoza amisiri athu awiri amene amatsegula mafoni popanda kusiya sikuluwu ngakhale imodzi patebulo. Tikuthokoza amayi a pa shopu yoyandikana nafe amene ankatilola kutchaja mafoni pa sola yawo magetsi akazima, abale amene anatikongoza mpamba titagwa osatiikira chiwongoladzanja, anyamata a kabaza amene amafikitsa katundu ku Area 25 ndi ku Kawale mvula ikugwa, ndiponso akasitomala 9 aja amene anadikira ndalama zawo moleza mtima. Ambiri mwa iwo amagulabe kwa ife ndipo amatitumizira abale awo. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Mwezi uno wonse, aliyense wogula foni alandira galasi loteteza sikirini ndi chingwe kwaulere. Foni iliyonse ili ndi kapepala kolembapo IMEI, mphamvu ya batire ndi zimene zinasinthidwa, ndipo risiti yathu imakupatsani masiku 30 obweza ngati batire kapena netiweki yavuta, kupatula kugwetsa ndi madzi. Amene mukufuna kusinthitsa yanu yakale, bwerani nayo itadzaza moto, mukumbukire pasiwedi ya akaunti yanu, mutenge chiphaso, ndipo mutipatse ola limodzi loyesera batire.