Makatoni 900 amene anangowaponyera kummwera

Mpaka lero ndikadali wokwiya ndi zomwe zachitika Lachitatu. Ine ntchito yanga ndi kulosera malonda a mwezi wamawa pakampani ina yogulitsa mafuta ophikira, ndimakhala pa depoti yathu ya kuno ku Zomba ngakhale mabwana onse ali ku Blantyre. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, kukoka deta, kuthamangitsa ma depoti atumize ma ripoti awo, magetsi kuthima ndili mkati mosevera, basi.

Lachiwiri madzulo manambala anatuluka mu ma modelo, masamu a pa kompyuta amene amalosera malonda poona mbiri ya zimene tinagulitsa. Modelo ya dziko lonse inati mwezi wamawa tigulitsa makatoni 10,000. Ma modelo a zigawo anati kumpoto 1,500, pakati 4,000, kummwera 3,600, kuphatikiza zonse 9,100. Kusiyana kwa makatoni 900. Anzanga a ntchito imeneyi mukudziwa kuti apa palibe chodabwitsa, modelo iliyonse imayang'ana mbiri yakeyake ndiye sizingakumane zokha. Koma ogula katundu amafuna nambala imodzi, a ndalama imodzi yomweyo, a galimoto nawonso, ndiye pamafunika kuyanjanitsa kuti za pansi zikaphatikizidwa zifanane ndi ya pamwamba.

Pa msonkhano wa pafoni Lachitatu mmawa bwana wa malonda sanafune nkomwe kumva. Akuti 10,000 ndi imene anauza kale akuluakulu, siisintha, ndipo 900 yo ipite kummwera chifukwa "anyamata a kumeneko akugona". Kummwera kukhale 4,500. Ndinati bwana, pepani, imeneyo ndi tageti osati kulosera, mukufuna tigulitse zimenezo koma sizikutanthauza kuti anthu agula. Anangoti iwe konza shiti, nkudula foni. Chimene chimandipweteka nchakuti manambalawo amagwirizanadi ukawaona pa Excel, palibe amene angaone cholakwika, cholakwikacho chidzaoneka mafuta atadzadza mu weyahausi muno.

Ndinakhala pansi nkuwerengera ndekha. Njira yosavuta, imene pa kompyuta imalembedwa `ols`, imati aliyense walakwitsako mofanana. Tili ndi manambala anayi, ya dziko ndi za zigawo zitatu, ndiye 900 kugawa panayi ndi 225. Ya dziko itsike kufika 9,775, chigawo chilichonse chikwere ndi 225. Zimagwirizana ndithu, koma taonani kumpoto, kuchoka 1,500 kufika 1,725, kukwera ndi 15 peresenti kumalo komwe modelo yathu siiphonya kwambiri. Ku Mzuzu angatifunse kuti katundu yenseyu ndi wa ndani.

Ndiye ndinagwiritsa ntchito njira yoyang'ana kaye kuti modelo iti imaphonya motani. Pa miyezi yapitayi ya dziko imaphonya ndi makatoni pafupifupi 400, ya pakati 300, ya kummwera 200, ya kumpoto 100. Nambala iliyonse umaichulukitsa ndi iyo yomwe, umapeza 160,000 ndi 90,000 ndi 40,000 ndi 10,000, zonse pamodzi 300,000. Amene amaphonya kwambiri ndiye asenze mtolo waukulu. Ya dziko ikutenga gawo loposa theka, itsike ndi 480 kufika 9,520. Pakati pakwere ndi 270, kummwera ndi 120, kumpoto ndi 30 yokha. Phatikizani 4,270 ndi 3,720 ndi 1,530 mupeza 9,520 ndendende. Mu pulogalamu ya R ndi mzere umodzi pa paketi yolosera ya `fable`:

```
fit |> reconcile(w = min_trace(ets, method = "wls_var"))
```

Pali inanso yotchedwa MinT, imene Wickramasuriya, Athanasopoulos ndi Hyndman anafalitsa mu 2019, iyo imaonanso ngati ma modelo amaphonyera limodzi mbali imodzi, monga zimachitikira mitengo ikakwera dziko lonse. Ineyo ndili ndi mbiri ya miyezi 36 yokha pomwe mizere ya katundu ndi yambiri kuposa miyeziyo, ndiye ndikaifuna ndimaika `mint_shrink`, inayo ya `mint_cov` imafuna mbiri yaitali yomwe tilibe.

Komabe 3,600 ya kummwera inkandikayikitsa, inali yotsika poyerekeza ndi momwe ndimaonera malole akutuluka pageti. Nditatsegula mzere wa Zomba ndinapeza masabata atatu a mu Ogasiti alembedwa 0, 0, 0. Ndinatsika kupita kwa bambo osunga katundu, munthu wamkulu amene wakhala pano zaka zambiri kuposa ine. Ndinati bambo, mu Ogasiti muja anthu anasiya kukazinga? Anaseka nkutulutsa kope lawo lachikuto chofiira, lothimbirira mafuta pakona, nkundionetsa. Akuti mwanawe, lole sinabwere, dizilo kunalibe, anthu a ku Songani, ku Jali, ku Thondwe ankabwera ndi ndalama kumanja ife nkuwabweza. Tsamba lililonse analemba dzina la golosale ndi makatoni amene ankafuna.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima zenizeni. Sisitemu yathu imalemba zimene tagulitsa, osati zimene anthu anafuna. Katundu akatha imalemba 0, modelo nkumaganiza kuti msika wagwa, mwezi wotsatira tiitanitsa zochepa, katundu athenso, kenaka bwana aziti anyamata akugona. Ndakhala ndikupempha kuyambira chaka chatha kuti aikemo kabokosi kamodzi kosonyeza tsiku lomwe katundu anatha, yankho lake nthawi zonse ndi loti bajeti kulibe. Ndipo kuyanjanitsa sikungachize zimenezi, kumangogawa kusiyana, ukaipatsa mbiri yabodza imakugawira bodzalo mwaukhondo.

Ndinachotsa ma 0 aja nkuikamo manambala a mu kope la bambo aja. Kummwera kunakwera kufika 3,900. Ya dziko sinasunthe kwenikweni chifukwa masabata atatu a depoti imodzi ndi kadzenje kakang'ono pa dziko lonse, ndinaisiya pa 10,000. Kusiyana kunatsala 600, ndipo nditagawa ndi miyeso yomwe ija ya dziko inakhala 9,680, pakati 4,180, kummwera 3,980, kumpoto 1,520. Ndiye kuti 4,500 ya bwana ikuposa ndi makatoni 520.

Pansi pake palinso vuto lina. Shiti ya bwana imagawa nambala ya chigawo ku mabotolo a lita imodzi, malita 2 ndi malita 5 potengera magawo a chaka chatha. Chaka chatha a malita 5 ankayenda. Pano pitani ku Chinamwali kapena ku Matawale mukaone, anthu akugula kabotolo kakang'ono kapena oyeza mu tchubu, a malita 5 angokhala pa shelefu. Kugawa kuchokera pamwamba sikuona kusintha kumeneku, ndiye mwa makatoni owonjezerawo ambiri adzakhala a mtundu womwe sukuyenda. Ine mizere ya mabotolo ndinailosera payokhapayokha nkuiyanjanitsa pamodzi ndi zigawo ndi dziko nthawi imodzi.

Lachinayi ndinayesa njira zonse pa miyezi 6 yomaliza, kubisa zotsatira nkuona kuti ndani akanaphonya pang'ono. Yoyeza zophonya inapambana pa zigawo ndi pa mabotolo, pa nambala ya dziko zinali pafupifupi chimodzimodzi. Ndinatumiza zonse kwa bwana ndi chithunzi cha kope lija.

Lachisanu masana yankho linabwera la mzere umodzi, akuti taona koma oda inapita kale Lachitatu. Makatoni 4,500 akubwera kummwera, ena mwa iwo afika kuno sabata yamawa, ndipo bambo osunga katundu ayamba kale kusuntha mapaleti kuti apeze poika.