Momwe ndinalondolera kutsika kwa chiwongoladzanja, kuchokera ku Reserve Bank mpaka pa chigayo chathu

Ine ndimasunga mabuku a bizinesi ya achimwene anga, omwe ali ndi chigayo pa msika wina waung'ono m'chigawo chapakati. Mu 2020 ankafuna kuika chigayo chachiwiri, ndipo ntchito yowerengetsa ngati ngongole ya kubanki ingatipindulire inagwera ine. Nthawi yomweyo Reserve Bank of Malawi inali ikumasula ndalama kuti chuma chisaime chifukwa cha Covid-19. Ndikufuna ndifotokoze momwe ndinatsatirira ndalamazo sitepe ndi sitepe, chifukwa zomwe zimachitika m'miyezi yoyamba zimasiyana kwambiri ndi zomwe zimadza patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Choyamba ndinafuna kudziwa chomwe banki yaikuluyo yachita kwenikweni. Mu Epulo 2020 inatsitsa gawo la ndalama za makasitomala lomwe banki iliyonse imayenera kusungitsa osalibwereketsa, kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 3.75 peresenti. M'zikalata zawo amalitchula kuti Liquidity Reserve Requirement. Tanthauzo lake ndi losavuta: pa K100 iliyonse yomwe anthu asungitsa, banki inkayenera kugoneka K5, koma kusinthako kutachitika inkagoneka K3.75 yokha, yotsalayo n'kutha kubwereketsa. Kenako mu Novembala chaka chomwecho inatsitsa Policy Rate, chiwongoladzanja chomwe chimatsogolera mtengo wa ngongole zonse m'dziko, kuchoka pa 13.5 kufika pa 12 peresenti.

Apa pali chinthu chomwe achimwene anavutika kuchimvetsa poyamba. Atamva pa wailesi, anabwera akuti, "Ndiye kuti ngongole tsopano ndi 12 peresenti, tiye tikatenge." Ndinawauza kuti, "Ayi achimwene, 12 imeneyo ndi ya mabanki okhaokha. Ifeyo tikagula kwa ogulitsa wachiwiri." Banki yomwe timasungako ndalama imayambira pa Reference Rate, yomwe imalengezedwa mwezi ndi mwezi ndipo imatsatira chiwongoladzanja cha Reserve Bank pamodzi ndi chomwe mabanki amabwereketsana komanso chomwe boma limalipira likabwereka. Pamwamba pake imaonjezera yakeyake malinga ndi momwe ikukuonerani: muli ndi chikole chanji, munabwezapo bwanji kale. Choncho kutsikako kumafika kwa munthu wamba mochedwa, ndipo kaya kufika konse kapena mbali chabe zimadalira ngati mabanki akufuna makasitomala ngati ife. Kuno kwathu boma limabwereka kwambiri kumabanki, ndipo banki ikaona kuti ikhoza kubwereketsa boma popanda kuopa kuti silibweza, mwini chigayo imamuyang'ana ndi diso limodzi.

Ndinapita kukafunsa. Kalata yomwe anatipatsa kutsikako kusanachitike inali ndi 20.5 peresenti pachaka, ndipo kumayambiriro kwa 2021 anatipatsa ina ya 19 peresenti. Sitepe yoyamba inatha pamenepo: ndalama zikachuluka m'mabanki, mtengo wobwerekera umatsika.

Sitepe yachiwiri ndi yomwe ndinakhalira pansi ndi cholembera. Chigayo, mota, mawaya ndi kashedi zonse zinkafuna K8,000,000. Ndinatenga mabuku a chigayo choyamba, ndinachotsa magetsi, malipiro a anyamata awiri, mahamala, masefa, malamba ndi ndalama yoika padera poti makina amatha. Zotsala zinkabwera K1,560,000 pachaka, yomwe ndi 19.5 peresenti ya ndalama yolowetsayo. Pa 20.5 peresenti, chiwongoladzanja cha chaka choyamba chikanakhala K1,640,000, ndiye kuti tikanamagwirira ntchito banki n'kuonjezanso K80,000 ya m'thumba. Pa 19 peresenti chinkabwera K1,520,000, kutisiyira K40,000. Ndi kandalama kochepa, koma kanasintha yankho kuchoka pa ayi kufika pa inde.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake kutsitsa pang'ono chabe kumatha kugwedeza chuma. Sikuti aliyense amathamangira ngongole. Amene bizinesi yake imabweza 30 peresenti anabwereka kale, ndipo amene imabweza 10 peresenti sabwerekabe. Omwe amasuntha ndi aja ali m'malire ngati ife, ndipo m'dziko lonse alipo ambiri: wofuna lole yachiwiri, wofuna kumaliza nyumba za lendi, kampani yofuna makina atsopano.

Ndinawerengetsanso china. Chiwongoladzanja chomwe chalembedwa pa kalata si chomwe chimaluma. Chomwe chimaluma ndi chotsala mukachotsa kukwera kwa mitengo:

```
r = i − π
```

Apa i ndi cha pa kalata, π ndi kukwera kwa mitengo pachaka, ndipo r ndi chenicheni. Nthawi imeneyo mitengo inkakwera ndi pafupifupi 8 kapena 9 peresenti, choncho 19 yathu inali ngati 10 kapena 11, poti mtengo wogayitsira nawo ukanamakwera chaka ndi chaka pomwe ngongole ili yomweyo. Izi zinatilimbitsa mtima, ndipo tinasaina ngongole ya zaka zinayi.

Sitepe yachitatu ndinaiona ndi maso. K8,000,000 ija inabalalika m'masabata ochepa. Ina inapita kwa mmisiri yemwe anamanga shedi, iye n'kulipira omuthandiza, omwe anakagula matemba ndi sopo pamsika pomwepo. Ina inapita kwa wowotcherera, ina kwa wogulitsa simenti. Ndalama yomwe ife tinaononga inali malipiro a wina, iyenso n'kuonongako mbali. Akatswiri amalemba zonse zomwe anthu akufuna kugula m'dziko motere:

```
AD = C + I + G + (X − M)
```

C ndi zogula za mabanja, I ndi zolowetsa m'mabizinesi ngati chigayo chathu, G ndi zogula za boma, X ndi zomwe timagulitsa kunja, M ndi zomwe timagula kunja. Chiwongoladzanja chikatsika, I amakwera, kenako C amatsatira chifukwa cha malipiro aja. M'miyezi yoyamba mitengo ndi malipiro sizisintha msanga. Mmisiri uja anali atakhala miyezi wopanda ntchito, ndiye analandira mtengo wakale mosanyinyirika. Pamene pali anthu ndi zipangizo zongokhala, ndalama zatsopano zimasanduka ntchito yeniyeni, ndipo ichi ndicho cholinga cha ndondomeko yonseyi.

Koma nditaona malisiti, ndinapeza kuti ndalama yoposa theka inagula mota, mawaya ndi zitsulo zochokera kunja. Imeneyo sinazungulire pamsika pathu. Wogulitsa anaitenga kukasaka madola kuti akaodenso katundu. M'chiwerengero chija, I atakwera, M anakweranso, ndipo M amachotsera. Dziko logula kunja mafuta, feteleza, mankhwala ndi makina, pomwe ndalama zakunja zimadalira kwambiri fodya, likachulutsa makwacha limachulutsanso anthu ofuna madola omwe sanachuluke. Ili ndi bowo lalikulu pa ndondomekoyi kuno kwathu.

Za nthawi yaitali sindinachite kuwerenga m'buku, zinabwera zokha. Kumayambiriro kwa 2022 kukwera kwa mitengo kunadutsa 12 peresenti pomwe Policy Rate inali ikadali pa 12. Mukaika m'chiwerengero cha r, mupeza kuti chiwongoladzanja chenicheni cha Reserve Bank chinali chitatsikira pansi pa ziro. Wosunga ndalama kubanki ankaluza, wobwereka ankapindula, ndipo aliyense wochenjera ankathamangira kugula katundu kapena madola. Chimenechi ndicho chizindikiro chomwe ndimayang'ana choyamba masiku ano.

Sichingakhale chilungamo kunena kuti zonse zomwe zinatsatira zinabadwa m'kutsitsa kwa 2020. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza mafuta ndi feteleza, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023 anaononga mbewu, ndipo boma linkabwereka kwambiri. Komabe makwacha ochuluka ndi omwe amalola kuti kukwera kwa chinthu chimodzi kufalikire ku zinthu zonse ndi kupitirira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Reserve Bank inabwerera m'mbuyo n'kukweza Policy Rate: 14 peresenti mu Epulo 2022, 18 mu Okutobala, 22 mu Epulo 2023, 24 mu Julayi, ndi 26 mu Febuluwale 2024.

Taonani momwe zinatembenukira. Ndondomeko yomwe inayamba ndi kutsitsa chiwongoladzanja inathera pa chiwongoladzanja choposa kuwirikiza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti wobwereketsa si wopusa. Akayembekezera kuti mitengo ikwera ndi 25 peresenti, sangakupatseni ndalama yake pa 19, chifukwa pobweza ingagule zochepa kuposa zomwe anakupatsani. Amaika kukwera komwe akuyembekezera pamwamba pa phindu lake. Anthu onse akangozolowera kuti mitengo ikwera, antchito amafuna malipiro okwera, ogulitsa amakweza msanga, ndipo mwayi uja wa miyezi yoyamba, woti mitengo inali isanasunthe, umatha.

Ngongole yathu inali yoyenda ndi Reference Rate, monga zilili ngongole zambiri za mabizinesi. Chakumapeto kwa 2023 inali itatsala pafupifupi K4,000,000, ndipo chiwongoladzanja chinali chitafika cha m'ma 30 peresenti. Pa ndalama yotsalayo, 19 peresenti ikanakhala K760,000 pachaka, koma 30 peresenti ndi K1,200,000. Mtengo wogayitsira tinakweza kangapo, ndipo ndalama zolowa m'buku zinkaoneka zambiri kuposa kale. Koma masefa, malamba ndi mahamala zinakwera mofanana kapena kuposa.

Kenako ndinasiya kuwerenga makwacha n'kuyamba kuwerenga matini a chimanga omwe tinkagaya patsiku. Apa ndi pomwe panali yankho la funso la nthawi yaitali. Matini sanatsatire ndalama. Ankatsatira zokolola za m'midzi yotizungulira ndi maola omwe magetsi ayaka. Chaka chomwe mvula inavuta, zigayo zonse ziwiri zinkakhala chete masana, ngakhale kuti makwacha m'dziko anali ochuluka kuposa kale lonse. Zomwe dziko lingapange m'zaka zambiri zimadalira minda, luso la anthu, magetsi, misewu ndi makina. Makwacha oonjezera akapitirira malire amenewo amathera m'mitengo.

Pali chimodzi chomwe sindingachikane: chigayo chachiwiri chilipo ndipo chikugwira ntchito, ndiye kuti kutsika kuja kunasiya kanthu kogwirika. Koma mota yofanana nayo lero singagulike ndi ndalama yomwe tinagulira, ndipo mnzathu wina yemwe anafuna kuika chake mu 2024 anabwerera pakhomo pa banki atamva chiwongoladzanja. Zomwe zinalowetsedwa msanga mu 2021 zinalipiridwa ndi zomwe zinalephereka pambuyo pake.

Achimwene atayambanso kukamba za makina okonolera mpunga, ndinawerengetsa kawiri: koyamba pa chiwongoladzanja chomwe banki yatiuza, kachiwiri nditaonjezapo 10 peresenti ina, ndi zipangizo zakunja zitakwera ndi theka. Pa kuwerengetsa kwachiwiriko makinawo sanathe kudzilipira okha, ndipo tinagwirizana zoyamba tadikira.