Sheya ya K20 yandigoneka m'nyumba yodontha

Ndalama zimene ndinagulira sheyayo zinali za malata. K500,000 yathunthu, imene mayi a kunyumba anasonkhanitsa pogulitsa kaunjika mu Limbe, n'kundipatsa kuti ndisunge poti ine ndiye ndinapita kusukulu.

Alamu anga ndi amene anandiphunzitsa P/E, nambala yoonera ngati sheya ya kampani ndi yotchipa kapena yodula, tili m'minibasi ya ku Chirimba. "Alamu, musamaone mtengo wokha. Tengani mtengo wa sheya imodzi, mugawe ndi phindu limene sheyayo yapanga pachaka. Nambala yotulukayo ndi zaka zimene phindulo lingatenge kuti likwane ndalama mwalipirayo, ngati silisintha." Mawu awiri omalizawo anapita ndi phokoso la kondakitala.

Usiku ndinakhala pansi ndi mitengo ya pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Kampani ina sheya yake inali K600, phindu K60 pa sheya, P/E yake 10. Ina, imene sinditchula dzina, sheya K20, phindu K5, P/E yake 4. Zaka zinayi basi! Ndinadabwa kuti anthu onse ovala mataye a mu Victoria Avenue sanaione bwanji. M'mawa mwake ndinapita kwa buloka, wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, ndipo kupatula kandalama kake, ndinatuluka ndi masheya pafupifupi 25,000, ndikuyenda ngati mwini kampani.

Chimene sindinatsegule ndi lipoti la pachaka. Mkatimo, pa timawu ting'onoting'ono ta kumapeto, analemba poyera kuti chaka chimenecho kampani inagulitsa nyumba yake. Pa K5 ija, K4 inachokera ku nyumbayo, ndipo nyumba sigulitsidwa kawiri. Malonda enieni a tsiku ndi tsiku anabweretsa K1 yokha. K20 kugawa ndi K1 ndi 20. Ndiye kuti ndinagula sheya yodula kuwirikiza kawiri kuposa ya K600 imene ndinaithawa ija.

Tsamba lotsatira linali ndi ngongole ya madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongoleyo inafufuma ikawerengedwa m'makwacha, n'kumeza ngakhale ka K1 kaja. Dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, sinabwere. Anthu a mataye aja anali ataona zonsezi kale, n'chifukwa chake mtengo unali pansi.

Sheya itafika pa K12 ndinaimbira buloka kuti agulitse, ndiluze K200,000 koma ndipulumutse zotsala. Anati, "Bwana, oda yanu ndailowetsa, koma wogula palibe." Sabata zitatu ndikuimba. Mtengo wolembedwa uja umangosonyeza pamene munthu womaliza anagulira, kaya ndi mwezi watha.

Mvula yoyamba itagwa ndinaulula zonse, beseni lili pabedi. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha.

"Bambo, munthu atagulitsa khola, n'kukuuzani kuti nkhuku zake chaka chino zapindula kwambiri, inu mungagule nkhukuzo?"

Ndinati ayi.

"Sunthani beseni, kwayamba kudontha kumiyendo."