Kalata yopempha banki kuti ichepetse zobweza pamwezi: musachoke popanda chidindo

A banki atha kuvomera kuchepetsa zobweza pamwezi, monga anachitira kwa ine, koma mtima wanga sunaphwe. Ndili ndi chigayo kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Chilala cha 2024 chitapha chimanga, anthu ogayitsa anachepa, magetsi nawo n'kumazima tsiku lonse chifukwa madzi anatsika ku Kariba. Chigayo chomwe chinkalowetsa K14,000 pamwezi chinafika pa K6,000, pomwe banki inkafuna K5,200 mwezi uliwonse pa ngongole yotsala ya K48,000.

Kalatayo isakhale yolira ayi. Pamwamba ndinalemba nambala ya ngongole ndi ndalama yotsala, kenako ziganizo ziwiri zofotokoza chomwe chagwa. Mtima wa kalata ndi pempho lokhala ndi manambala. Ine ndinati kwa miyezi itatu ndizipereka chiwongoladzanja chokha, kenako K3,000 pamwezi mpaka Meyi, ndipo kuyambira Juni, anthu akakolola, ndibwerere pa K5,200. Mukangolemba kuti "ndichitireniko chifundo" palibe chomwe angakambirane pamsonkhano wawo.

Tsopano chomwe chinandipsetsa mtima. Kalata ndinaipereka kwa mtsikana wa pakauntala, iye n'kuti, "Siyani pompano, bambo, ifika." Sinafike. Nditapita kukafunsa, a ofesi ya ngongole anandiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa tomato, akuti sanaionepo. Nthawi yonseyo chilango cha kuchedwa chikuwerengedwa! Tsiku lathunthu linathera pabenchi, chigayo chili chotseka, ndipo linali tsiku loti magetsi anayaka. Pitani ndi makope awiri, perekani m'manja mwa ofisala wa ngongole weniweniyo, ndipo kope lanu alidinde ndi kulemba tsiku.

Ndaiwala kunena za mapepala. Anafuna sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anandilipiritsa kuti aisindikize, pepala la akaunti yomwe ili m'kompyuta yawo yomwe. Ndinaphatikizanso kope lomwe timalembamo matini ogayidwa tsiku lililonse, ndi malisiti ogulira magetsi. Kope la matinilo ndi lomwe linawagwira mtima, chifukwa linkaonetsa kuti Juni ndi Julayi wa chaka chathacho tinkagaya mowirikiza kawiri.

Musadikire kuti mudumphe miyezi. Ngongole ikafika masiku 90 osabwezedwa amaiika m'gulu la zoipa, dzina lanu limada kwa osunga mbiri ya ongongola, ndipo kukambirana kumauma.

Akavomera, musasaine msanga. Pemphani ndondomeko yatsopano yolembedwa, muone ndalama yonse yomwe mudzabweze, chifukwa nthawi ikatalika chiwongoladzanja chimakula. Funsaninso ngati pali ndalama yosinthira mgwirizano. Yanga inalipo, ndipo ndinaiona pa tsamba lomaliza. Zilango za nthawi yomwe kalata inasowa anandichotsera theka lokha, poti kalata yoyamba ija inalibe chidindo. Ndibwerezenso: chidindo, tsiku, ndi dzina la amene walandira.